Mkanda Ukaduka, Yambani Mwaufunsa Ulusi

Nekilesi ikaduka, maso onse amathamangira pansi. Wina wagwada kusuzumira kunsi kwa mpando, wina wanyamula tsache, ana akulimbirana timikanda tomwe tagubudukira kukhomo. Ulusi umene wadukawo palibe amaulabadira. Umangosololedwa n'kuponyedwa kudzala. Komatu ulusiwo ndi umene ukudziwa chomwe chachitika, ndipo munthu akautaya asanauyang'ane, nekilesi yomwe atunge mawa idzadukanso pamalo omwewo.

Mikanda yeniyeniyo sichedwa kutha ayi. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la mafumu a Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda ya galasi yomwe inafika kuno kudzera m'malonda a kunyanja ya India zaka mazana angapo zapitazo. Inatuluka m'dothi ikadali mikanda. Kawirikawiri ulusi supirira zaka zoterozo m'dothi. Ndiye mukamasamala nekilesi, chibangiri kapena mikanda ya m'chiuno, dziwani kuti chofooka kwambiri ndi chija chosaoneka, chomwe chabisala mkati mwa mabowo.

Tengani nsonga ziwiri zodukazo mupite nazo powala. Ngati ulusi wadukira pafupi ndi loko, ndiye kuti kachitsulo kamakhala kakuupala tsiku ndi tsiku. Ngati wadukira pakati, nsonga zake zili zonyenyeka ndi zaubweya, yang'anani mkanda wa galasi umene unali pamenepo: kawirikawiri bowo lake limakhala ndi m'mphepete mwakuthwa. Mukakoka ulusi wotsalawo ndi manja, n'kuona kuti ukuduka paliponse mosavuta, ndiye kuti waola ndi thukuta ndi madzi, kapena wauma ndi dzuwa. Nthawi zina mupeza kuti sunaduke n'komwe. Nsonga yake yangopiringizika, kusonyeza kuti mfundo ndiyo inamasuka. Mavuto anayiwa mankhwala ake ndi osiyana, koma onse akugwirizana pa chinthu chimodzi: musalumikize ulusi wakale ndi mfundo. Wonsewo ndi wa msinkhu umodzi ndipo wamwa thukuta limodzi. Pamene waduka lero ndi pamene pangoyambira chabe. Nekilesi yoduka imafuna kutungidwa yonse ndi ulusi watsopano.

Galasi, mtengo ndi timikanda tating'ono

Vuto la nekilesi zambiri zomwe timagula pamsika, kaya kwa ogulitsa ziboliboli ku Lilongwe, ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay, n'lakuti pa ulusi umodzi pamakhala zinthu zosiyana khalidwe. Galasi siliopa madzi, mtengo umawaopa. Mtengo umakonda timafuta pang'ono, pomwe pagalasi mafuta amangoitana fumbi. Amene amaviika nekilesi yonse m'beseni la sopo amasangalatsa galasi koma amalanga mtengo ndi ulusi.

Tiyambe ndi galasi. Mikanda ikuluikulu ya galasi imangofuna kupukutidwa ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono, kenako kouma. Mdani wake wamkulu ndi kugundana: galasi likamenya galasi linzake, kapena likagwera pa simenti, limabenthuka m'mphepete mwa bowo, ndipo pobenthukapo ndi pamene pamadula ulusi. Madzi otentha kwambiri nawo si abwino, makamaka akatsatana ndi ozizira, chifukwa mkanda wokhuthala ukhoza kung'aluka mkati.

Timikanda tating'ono tija, tomwe timadzaza zibangiri, ndolo ndi mikanda ya m'chiuno, natonso ndi ta galasi, kupatula totchipa ta pulasitiki tomwe mungatizindikire popeza n'topepuka ndipo sitizizira mukatigunditsa patsaya. Tambiri timachokera ku China ndi ku India. Tosalala ndi tofanana bwino kukula timachokera ku Czech, kudera la Jablonec, ndi ku Japan, kumakampani a Miyuki ndi Toho. Papaketi pamalembedwa nambala monga 6/0, 8/0 kapena 11/0, ndipo nambala ikamakula kamkanda kamachepa: ka 6/0 n'kotambalala pafupifupi mamilimita 4, ka 8/0 mamilimita 3, ka 11/0 mamilimita 2.

Chofunika kudziwa pa timikandati ndi kumene mtundu wake uli. Tina mtundu wake uli m'galasi momwemo, unalowa galasi likadali losungunuka pamoto. Timeneti mungatisambitse zaka ndi zaka, kufiira kwake sikudzasintha. Tina ndi galasi loyera lomwe analinyika mu utoto, kapena analikuta ndi kachitsulo konyezimira pamwamba, kapena anapaka siliva kapena utoto mkati mwa bowo. Timeneti ndi tomwe timasuluka. Pinki wowala kwambiri, pepo, golide ndi siliva ndi mitundu yofunika kuikayikira. Kuyesa kwake n'kosavuta: nyowetsani kansalu koyera, mukhule timikanda tiwiri kapena titatu ta kumbuyo, pafupi ndi loko. Kansalu kakatenga mtundu, nekilesi imeneyo isaonane ndi madzi, sopo, perefyumu kapena jiki. Ta siliva mkati timada madzi akagonamo, ndipo tikada palibe chotiyeretsanso.

Pali matenda ena a galasi omwe amagwira makamaka mikanda yakale, yosiyidwa ndi agogo. Galasi amalipanga posungunula mchenga pamodzi ndi soda kapena phulusa, n'kuthirako laimu woti alilimbitse. Laimu akachepa, chinyezi cha mumpweya chimakoka michere ya m'galasimo pang'onopang'ono n'kuitulutsira kunja. Mkanda umayamba kuoneka ngati wathiridwa ufa woyera, ukaugwira umaterera, kenako umadzaza timing'alu tosawerengeka mpaka kufumbutuka. Zikafika apo sizibwerera. Chomwe mungachite n'kupatula mikanda yodwalayo, chifukwa michere yotulukayo imadyanso ulusi, kenako kusunga yotsalayo pamalo ouma.

Mtengo ndi nkhani ina. Ngakhale unadulidwa kalekale, umamwabe chinyezi n'kufufuma, ukauma n'kubwerera. Kufufuma ndi kubwereraku kukachitika mwadzidzidzi, mkanda umang'aluka motsatira mitsempha ya mtengowo, kuyambira pabowo. N'chifukwa chake nekilesi ya mtengo yomwe yanyowa ndi mvula siyenera kuyanikidwa padzuwa la masana kapena pafupi ndi mbaula. Ipukuteni, muiyale pansalu pamthunzi podutsa mphepo, iume mwa kufuna kwake. Kuisiya m'galimoto yotseka mwezi wa Okutobala n'kuipha.

Musanaipake kanthu, dziwani ngati ili ndi vanishi. Donthezani kadontho ka madzi pa mkanda umodzi wa kumbuyo. Kadonthoko kakangokhala pamwamba osalowa, pali vanishi kapena penti, ndipo mkanda wotere umangofuna kupukuta basi. Mafuta salowa, amangonanda. Kakalowa, mtengo n'kuda pamalopo, ndiye kuti ndi wosakutidwa, ndipo umafunika kudyetsedwa kamodzi kapena kawiri pachaka. Chabwino ndi phula la njuchi. Sungunulani gawo limodzi la phula ndi magawo atatu kapena anayi a likwidi parafini wa ku famase, osati parafini wa nyale, m'kachitini koviikidwa m'madzi otentha. Zikazizira zimakhala zofewa. Tengani pang'ono kwambiri pakansalu, pakani, dikirani mphindi 15, kenako pukutani mwamphamvu mpaka mkanda usamatenso m'manja. Mafuta ophikira musayerekeze. Tsiku loyamba mtengo umawaladi, koma pakatha miyezi mafutawo amavunda mkati, nekilesi n'kumanunkha, ndipo fungolo silichoka.

Phingo weniweni, wakuda ndi wolemera uja, ali ndi mafuta akeake ndipo safuna zambiri. Koma si mkanda wakuda uliwonse umene uli phingo. Ina ndi mitengo yoyera yopepuka yomwe anaidetsa ndi polishi wa nsapato. Ikhuleni ndi kansalu koyera musanaivale pa bulauzi yoyera ya kutchalitchi.

Mukapeza kaufa kosalala pansi pa nekilesi m'bokosi, ndiponso timabowo tonga tobayidwa ndi singano pa mikanda, ndiye kuti yafumbwa. Tizilombo tili mkati. Izi zimachitikira mitengo yofewa ndi mikanda yopangidwa ndi njere za zomera. Mankhwala opopera sayenera pa chinthu chogona pakhungu. Nyumba zosungira zinthu zakale zimapha tizilombo totere ndi kuzizira, ndipo inunso mungatero. Solorani mikanda ya mtengoyo payokha, ikulungeni m'kansalu kouma, muike m'jumbo, mutulutse mpweya ndi kumanga zolimba. Ikani m'firiji, mbali youmitsa nyama ija imene imafika madigiri 18 kunsi kwa ziro, kwa sabata yathunthu kapena kuposera. Magetsi akazima nthawi yaitali mpaka zinthu kusungunuka, yambiraninso kuwerenga. Potulutsa musamasule jumbo mpaka tsiku lotsatira, kuti mame agwere kunja kwa jumbo osati pamtengo.

Zotsalazo ndi chizolowezi chabe. Dzolani mafuta, thirani perefyumu, dikirani ziume, nekilesi ibwere pomaliza. Sipiriti wa m'perefyumu amasungunula vanishi ndi utoto. Mukavula ipukuteni thukuta. Isagone kubafa. Yolemera musaipachike pamsomali, chifukwa ulusi umatamuka ndipo dzimbiri la msomali limaudya. Igonekeni m'bokosi, iliyonse m'kathumba kake ka nsalu. Nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ponyanimo timapaketi ta timibulu touma tija timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano, kuti chuku chisagwire mtengo.

Ulusi woyenera ndi singano yopanga nokha

Anthu ambiri amathamangira zinthu ziwiri zomwe zili pafupi: ulusi wa thonje wosokera zovala ndi chingwe cha mbedza. Wa thonje umamwa thukuta n'kuola, ndipo galasi limaudula msanga. Chingwe cha mbedza chimaoneka cholimba, ndipo n'chosavuta kutungira popeza sichifuna singano, koma ine sindichikonda pa nekilesi yoti ikhalitse. N'chouma, nekilesi sigona bwino pachifuwa, chikapindika pamakhala chilema mpaka kale, mfundo zake zimaterera, ndipo dzuwa likachiwomba nthawi yaitali chimathetheka mosachenjeza. Lasitiki ndi wa zibangiri zopepuka, osati nekilesi ya galasi.

M'masitolo a zoluka ndi zosoka a m'mizinda ikuluikulu mumapezeka ulusi wopangidwira mikanda, komanso waya wofewa wa tizingwe tachitsulo 7, 19 kapena 49 topotedwa pamodzi n'kukutidwa ndi nayiloni. Wayayo ndi wabwino pa mikanda yolemera, koma samangika mfundo. Amafuna timachubu tachitsulo tofinya ndi pulayasi. Kwa munthu wa pakhomo, chopezeka mosavuta ndi ulusi wa nayiloni kapena poliyesita wolimba: wopyapyala wa osoka nsapato, wa osoka mipando, kapena twaini wopyapyala wokonzera maukonde. Muyeso wake ndi uwu: ulusi wopindidwa pawiri uzitha kudutsa kawiri m'kamkanda kakang'ono kwambiri ka nekilesi yanuyo, chifukwa pomaliza mudzabwereranso m'timikanda tomweto. Yesani zimenezi musanayambe, osati mutatunga kale mikanda 100.

Singano yosokera zovala ili ndi diso lotupa, ndipo imakanirira m'timikanda. Mukaikakamiza, kamkanda kamasweka. Pangani yanu. Pezani chingwe cha magetsi chakutha, cha wailesi kapena cha chaja, muchisende. Mkati mupeza tiwaya ta kopa topyapyala kwambiri. Sololani kamodzi kotalika masentimita 15, mukapinde pakati, mukoloweke ulusi popindikapo, kenako mupote miyendo iwiriyo pamodzi mpaka ikhale kamtengo kamodzi kowongoka. Dulani nsonga ndi sizasi kuti ikhale yosongoka. Diso la singano imeneyi limafinyika lokha likamadutsa m'kamkanda koyamba, ndiye palibe pokanirira. Ikapindika mumangoiwongola ndi zala, ikatha mumapota ina.

Nekilesi imodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Titenge nekilesi ya mtundu wofala, yotalika masentimita 45 kuphatikizapo loko. Kutsogolo kuli mikanda 7 ya mtengo ya mamilimita 12, yosinthana ndi mikanda 8 ya galasi yobiriwira ya mamilimita 8, ndipo pakati pa mkanda uliwonse ndi unzake pali kamkanda kakuda ka 6/0. Mbali iliyonse, kukwera kupita kukhosi, kuli timikanda 60 ta 8/0. Yadukira kutsogolo, pafupi ndi mkanda wa galasi wa kumapeto. Mwatolera, koma mkanda umodzi wa galasi wasweka ndipo timikanda 20 tasowa.

Choyamba, matani seloteipi pa nsonga zonse ziwiri kuti zotsala pa ulusi zisapitirire kugwa, ndipo jambulani ndi foni. Chithunzicho ndicho chidzakukumbutsani kasanjidwe kake. Sesani bwinobwino ngati m'nyumba muli mwana wokwawa, pakuti kamkanda kamalowa m'kamwa, m'mphuno ndi m'khutu mosavuta. Kenako yalani thaulo m'lichero kapena m'thireyi. Pathaulo mikanda sigubuduka.

Tsopano mikanda ili payokhapayokha, ndiye ino ndi nthawi yokhayo imene mungaitsuke bwino. Ya galasi yosasuluka ikani m'sefa ya tiyi, muiviike m'madzi ofunda okhala ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, muitsukuluze, muiyale pansalu mpaka mawa. M'mabowo mumabisala madzi, ndipo mukatunga isanaume, ulusi watsopano umayamba moyo wake uli wonyowa. Ya mtengo ipukuteni youma, muchotse litsiro la m'mabowo ndi kamtengo ka machesi, muipake phula lija.

Ulusi unadukira pagalasi, choncho wolakwayo afunidwe. Dulani kachidutswa ka ulusi wa thonje, mulowetse mu mkanda wa galasi uliwonse, mukoke uku ndi uku kakhumi mokhudzitsa m'mphepete mwa bowo. Umene unyenye ulusi ndi womwewo. Kulungani kachidutswa ka sandipepa wosalala kwambiri pa singano, munyowetse, muzungulize pakamwa pa bowolo mofatsa, mkanda uli m'madzi kuti fumbi la galasi lisauluke. Yesaninso ndi ulusi. Ngati ukudulabe, kapena mng'alu ukuoneka kulowa mkati, mkanda umenewo upume.

Nanga zosowazo? Kupeza mkanda wobiriwira wofanana ndendende ndi wosweka uja n'kovuta, ndipo wongofanako pang'ono umaonekera patali. Njira yabwino n'kuchotsanso mnzake wa mbali inayo, kuti kutsogolo kutsale ya galasi 6 ndi ya mtengo 7, kumapeto konse kukhale mtengo. Ngati wakuthwa uja wakanika kusalala, ndiye achoke ndi iyeyo. Timikanda 100 totsala tigawidwe 50 mbali iliyonse. Mukayeza mupeza kuti nekilesi yafupika ndi masentimita pafupifupi 6, ndipo ya masentimita 39 imathina pakhosi la munthu wamkulu. Timikanda ta 8/0 timalowa pafupifupi 5 pa sentimita imodzi, ndiye mukufunika tina 30. Gulani takuda, kapena ta mtundu wina uliwonse wogwirizana, muike 15 mbali iliyonse kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi loko, kumene kolala ndi tsitsi zimabisa. Zikakhala zofanana mbali zonse, aliyense amaona ngati ndi mmene anaipangira.

Sanjani zonse pathaulo monga zidzakhalire pakhosi. Onetsetsani kuti pafupi ndi mkanda wa mtengo pali kamkanda ka 6/0, osati kakang'ono. Mabowo a mikanda ya mtengo amakhala aakulu, ndipo amameza timikanda tating'ono, nekilesi n'kuoneka ngati yafupika ndi kukhwepa patangopita masiku ochepa.

Dulani ulusi wa masentimita 150. Ukapindidwa pawiri ukhala 75, kutanthauza 45 ya nekilesi ndi 15 yogwirira ntchito kumapeto kulikonse. Ukokeni mwamphamvu ndi manja awiri kangapo kuti utamukiretu. Nayiloni wosakokedwa amadzatamuka ali pakhosi, n'kusiya mipata. Upititseni pa phula la njuchi kawiri, muupalase ndi zala. Phula limagwirizanitsa tizingwe, limaletsa kupiringizika, ndipo limathandiza mfundo kugwira. Kolowekani singano yanu pakati, pamene ulusi wapindikira. Kumchira, masentimita 15 kuchokera kunsonga, matani seloteipi.

Tungani kuyambira kumbuyo kwa mbali imodzi. Timikanda musatitole ndi zala. Tiunjikeni pathaulo, muzitibaya ndi singano, tizikwera tokha tinayi kapena tisanu. Kamene kakukana kudutsa kaikeni pambali. Mukamaliza mbali yoyamba, musanalowe m'mikanda ikuluikulu, mangani mfundo imodzi pakati pa timikanda tiwiri tating'ono, ndipo mudzachitenso chimodzimodzi mukatuluka mbali inayo. Kuti mfundo ikhale pamalo ake, ipangeni yokhwepa, mulowetse phini mkati mwake, muikankhe ndi phiniyo mpaka igunde kamkanda, kenako musolole phini mukukoka ulusi. Mfundo ziwirizi zimagawa nekilesi patatu. Tsiku lina ikadzaduka, kudzagwa gawo limodzi lokha. Musaike mfundo pafupi ndi mkanda wa mtengo, ingolowa m'bowo n'kusowa ntchito. Poti mfundo yoyambayo ikamangidwa mbali imeneyo siisunthanso, werengani timikanda kawiri musanamange.

Mukatunga zonse, gwirani nsonga ziwiri, muyese pakhosi pagalasi loonera. Kukonza utali ndi pano.

Tsopano loko. Yang'anani kamphete kamene loko amakolekera. Tambiri ndi kawaya kongopindidwa, kokhala ndi mpata pomwe nsonga zake zakumana, ndipo ulusi umapeza mpatawo n'kutulukira pomwepo. Finyani ndi pulayasi mpaka mpata utsekeke, kapena sinthani muike kamphete kowotcherera. Ngati kali ndi dzimbiri kapena kakukanda, katayeni. Njira yoteteza ulusi ku chitsulo ndi iyi: tungani timikanda tina 7 kapena 8 tating'ono, mutidutsitse m'kamphete, kenako bwezani singano m'kamkanda komaliza ka nekilesi, kulowera kumene munachokera. Mukakoka, timikandato tipanga kamkombero, ndipo chitsulo chizikhuza galasi m'malo mwa ulusi. Kamphete kakakhala kakang'ono moti timikanda sitingadutse, zungulizani ulusi m'kamphetemo kawiri musanabwerere.

Mwabwerera m'nekilesi tsopano. Dutsani timikanda titatu, mutulutse singano. Ilowetseni kunsi kwa ulusi wa pakati pa timikanda tiwiri, mukoke mpaka patsale kamkombero kakang'ono ka ulusi, mulowetse singano m'kamkomberomo, mukoke pang'onopang'ono mpaka mfundo ikhale pakati pa timikandato. Dutsani tina titatu, mangani ina. Bwerezani kachitatu. Kenako dutsani timikanda tina tisanu popanda mfundo, ndipo mudule ulusi pamenepo ndi lumo latsopano. Musadulire pamfundo penipeni, imamasuka. Mfundo zitatu zomwazikana zimagwira kuposa chimfundo chimodzi chachikulu, ndiponso sizioneka.

Mbali yachiwiri ndi imene ambiri amalakwitsa. Matulani seloteipi, mupote singano ina, mukoloweke nsonga ziwiri za kumchira. Musanamange, igonekeni nekilesi pathaulo mozungulira, monga imakhalira pakhosi, osati mowongoka. Nekilesi yomangidwa ili chiwongokere imaoneka yothina bwino patebulo, koma mukaipinda mikanda imapanikizana, imauma gwa, ndipo mphamvu yonse imathera pa ulusi mpaka kuduka. Ili chizungulire choncho, kankhirani mikanda pamodzi mofatsa kuti pasaoneke ulusi, kenako mangani loko monga munachitira mbali yoyamba. Mukainyamula ndi chala chimodzi izilendewera mofewa, ndipo mukaiwongola pazioneka kampata kochepa, kosakwana kamkanda kamodzi. Kampata kameneko n'kofunika, makamaka pa nekilesi ya mtengo, chifukwa dzinja likafika mikandayo idzafufuma pang'ono.

Pa mfundo yomaliza ya mbali iliyonse mukhoza kudonthezapo kyutekisi wosakhala ndi mtundu, wotengedwa ndi nsonga ya phini. Asakhudze mtengo kapena timikanda topakidwa utoto. Supagulu ayi: amayenderera mu ulusi, amauumitsa, ndipo ulusi umathyokera pomwe guluuyo wathera. Isiyeni nekilesi igone usiku umodzi musanaivale.

Loko akasowa kapena akawonongeka, mkanda wa galasi munachotsa uja, ngati bowo lake ndi losalala, ungagwire ntchito ya batani. Umangirireni kumapeto kwa mbali imodzi, kamkanda kakang'ono kali pamwamba pake kuti ulusi ubwererepo, ndipo mbali inayo pangani kamkombero ka timikanda kongokwana kuti batani lidutse mokakamira pang'ono. Anthu amene khungu lawo limatuluka zidzolo ndi zitsulo zotchipa amapeza mpumulo ndi njira imeneyi.

Mikanda ya m'chiuno njira yake ndi yomweyi, kungoti imakumana ndi zambiri kuposa ya m'khosi. Amayi ambiri saivula posamba, ndiye ulusi umanyowa tsiku lililonse ndi madzi, sopo ndi mafuta odzola. Pamenepa sankhani timikanda tomwe mtundu wake uli m'galasi momwemo, mupewe ta siliva mkati ndi ta mtengo, ndipo mutungire nayiloni kapena poliyesita. Poyeza utali khalani pansi, chifukwa chiuno chimakula munthu akakhala, ndipo yoyezedwa choimirira imadukira pampando wa minibasi.

Musadikire kuti iduke. Kamodzi pa miyezi ingapo, patulani mikanda ndi zikhadabo pafupi ndi loko ndiponso pafupi ndi mikanda yolemera, muone ulusi. Ukakhala wakuda ndi litsiro, waubweya, kapena mpata wakula moti timikanda tiwiri tingakwanemo, nthawi yakwana. Nekilesi yovalidwa pafupifupi tsiku lililonse imafuna ulusi watsopano pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, pomwe ya pa ukwati ndi pa Khirisimasi ikhoza kudikira zaka zingapo. Kutunga isanaduke n'kosavuta kwambiri: mumadula loko wa mbali imodzi, n'kumasamutsa mikanda kuchoka pa ulusi wakale kupita pa watsopano, isanu isanu, kasanjidwe kake kali chikhalire.